Maliro a ku Joni: dzina likasemphana, thupi silinyamuka

Uthenga wa maliro ukafika kuchokera ku South Africa, abale amathamangira kusonkha ndalama. Komatu chimene chimagoneka thupi m'nyumba yachisoni kwa masabata ambiri nthawi zina si ndalama, koma umboni wakuti womwalirayo ndi ndani.

Izi zidaonekera poyera pa 31 Ogasiti 2023, pomwe moto udapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso ku Johannesburg, ena mwa iwo Amalawi. Matupi ambiri sadazindikirike msanga, ndipo thupi losazindikirika silingatuluke m'dziko.

Makalata a maliro ali ngati unyolo. Dokotala amalemba fomu yotsimikiza imfa ya DHA-1663, ndipo pa fomuyo nthambi yoona za m'dziko imapereka setifiketi ya imfa. Kampani yoona za maliro imakonza thupi ndi mankhwala kuti lisawonongeke, nkupereka kalata yake. Pamafunikanso kalata yonena ngati malemuyo adamwalira ndi matenda opatsirana kapena ayi, ndi kalata ya ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena Johannesburg yotsimikiza kuti anali Mmalawi. Zikakwana izi, nthambi ya zaumoyo imapereka chilolezo chotulutsira thupi. Ngati imfayo ndi yangozi kapena yachiwembu, zonsezi zimadikira kaye kuti madokotala a boma apime thupilo.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Mangochi amene adalowa m'dzikolo popanda pasipoti, ndipo kuchipatala adalembetsa dzina limene ankagwirira ntchito. Fomu ya imfa idzatuluka ndi dzina limenelo, pomwe chiphaso chake cha unzika chili ndi lina. Kazembe sangatsimikize munthu amene mapepala ake akutsutsana. Apa abale kumudzi ayenera kutumiza chithunzi cha chiphasocho pamodzi ndi kalata ya mfumu kapena ya bwanamkubwa wa boma, ndipo m'bale amene ali ku Joni akalumbire kupolisi kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Nchifukwa chake nkwanzeru kufananitsa dzina chilembo ndi chilembo fomu isanasainidwe.

Nthawi nayo sidikira. Malamulo a ku South Africa amalola kuti thupi limene lakhala masiku 30 popanda mwini liikidwe ndi khonsolo, pomwe kunyumba yachisoni yolipira bilu imakwera tsiku ndi tsiku.

Kalata yopempha thandizo kumpingo, kumzikiti, kwa bwana kapena kugulu la Amalawi iyenera kuyenda limodzi ndi mapepalawa. Itchule dzina lenileni, mudzi ndi mfumu, kumene thupi lili, mtengo wolembedwa ndi kampani yonyamula, ndi munthu mmodzi wolandira ndalama. Mtengowo unene poyera ngati galimoto, ikadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, idzafika pakhomo kapena idzathera pachipata cha Mwanza kapena Dedza. Ikathera pachipata, anamfedwa adzayambanso kusonkha bokosi lili kale m'dziko.