EBITDA ndi phindu lonamizira kuti galimoto siikalamba

Ndimaphunzira zolembalemba, za maakaunti ndimangozisuzumira, koma ndimazindikira mawu akamagwiritsidwa ntchito kubisa kanthu. EBITDA ndi amodzi mwa mawu otere. Zilembozi zikuimira phindu lowerengedwa asanachotse chiwongoladzanja, msonkho ndi kutha mtengo kwa katundu, wogwirika ndi wosagwirika yemwe.

Tiyerekeze kuti malume agula minibasi ya K20 miliyoni pa ngongole, ndipo idzayenda zaka 5 kenako n'kukhala chiphapha. Pachaka yatolera K30 miliyoni. Mafuta, dalaivala, kondakitala ndi makaniko adya K22 miliyoni. K8 miliyoni yotsalayo ndiyo EBITDA, ndipo malume akumwetulira.

Koma minibasi yatha mtengo ndi K4 miliyoni chaka chomwecho. Mukachotsa imeneyi mwapeza phindu la ntchito yeniyeniyo, K4 miliyoni. Banki itenge K3 miliyoni ya chiwongoladzanja, boma litenge 30 peresenti ya K1 miliyoni yotsala, ndiye phindu lenileni la malume ndi K700,000. Manambala atatu onsewa ndi oona. Nanga n'chifukwa chiyani makampani ambiri amakonda kufuula loyambalo?

Oikira kumbuyo EBITDA ali ndi mfundo, sindikana. Makampani awiri a ntchito imodzi akhoza kukhala ndi ngongole zosiyana ndi misonkho ya mayiko osiyana, choncho kuchotsa zimenezo kumathandiza kuwayerekeza. Mabanki nawo amagawa ngongole ya kampani ndi EBITDA kuti aone ngati ingasenze katunduyo. Mpaka pamenepo tili limodzi.

Chondikwiyitsa ndi kutha mtengo kuja. Amati si ndalama yotuluka m'thumba chaka chino. Inde, chifukwa inatuluka kale tsiku logula, ndipo idzatulukanso pogula minibasi ina. Malume akamadya K8 miliyoni chaka ndi chaka, zaka 5 zikatha adzakhala pa siteji opanda galimoto. Warren Buffett wakhala akudzudzula nambalayi pa chifukwa chomwechi.

Komanso mpata umenewu umakopa akamberembere. Mu 2002 kampani ya matelefoni ya ku America, WorldCom, inaulula kuti ndalama pafupifupi madola 3.8 biliyoni zinalembedwa ngati zogulira katundu wokhalitsa, pomwe zinali zolipira makampani ena pogwiritsa ntchito mizere yawo ya mafoni. Taonani ukathyali wake. Ndalama ikalembedwa ngati katundu siyichotsedwa yonse chaka chimenecho; imachotsedwa pang'onopang'ono ngati kutha mtengo, malo enieni amene EBITDA siyang'anako. Manambala onse atatu anatupa, koma pa EBITDA ndalamayo sikanadzaonekanso mpaka kalekale. Mu Julayi chaka chomwecho kampaniyo inagwa.

Kwa ofesi ya alangizi, yomwe katundu wake ndi madesiki ndi makompyuta, EBITDA ndi phindu la ntchito sizitalikirana. Kwa kampani ya nsanja za mafoni, ndege kapena mathiraki, ndifuna ndione kaye ndalama zimene imawononga pogula zida zatsopano chaka chilichonse.