Ziopsezo zonse n'zochepa? Mukunamiza ndani?

Anyamata ena a ku Biwi anandibweretsera pulopozo yawo kuti ndiione asanaitumize. Akufuna K10 miliyoni yomangira ngalande ya simenti. Nditafika patsamba la ziopsezo, ndinagwira pakamwa. Mvula: chiopsezo chochepa. Kukwera kwa mitengo: chochepa. Nanga zikachitika mudzatani? "Tidzayang'anitsitsa." Maso anagulapo thumba la simenti liti?

Ndikukumvani, achimwene. Mukuti tikalemba zoona, opereka thandizo athawa. Bodza! Anthu amenewa amawerenga mapulopozo mulu, ndipo chikomekome cha mkuyu amachidziwa asanaung'ambe n'komwe.

Ntchito yake si yaufiti. Chiopsezo chilichonse mumachifunsa mafunso awiri: mpata woti chichitike ndi waukulu bwanji, ndipo chikachitika chiwononga zochuluka bwanji? Yankho lililonse mulipatse nambala, kuyambira 1 mpaka 5, kenako muchulukitse.

Tiyese ndi kwacha. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kubwerezanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chinthu chimene chatiluma kawiri m'miyezi 18, inu mukuchipatsa 1? Ayi, mpata wake ndi 4, kuwononga kwake 5, zonse pamodzi 20. Pa bajeti yanuyo K6 miliyoni ndi ya simenti, zitsulo ndi mayendedwe. Mitengo itatsata dola ngati nthawi ija, pafunika K8.6 miliyoni. Ka K1 miliyoni kamene mwasungira zadzidzidzi kathera panjira, ngalande n'kuimira pakati, madzi n'kumakhuthukira pakhomo pa agogo amene anakusainirani kalata yovomereza.

Ndiye lembani chochita chogwirika. Zitsulo zonse zigulidwe mwezi woyamba ndalama zikangolowa. Simenti ayi, imeneyo igulidwe magawo awiri, chifukwa ikagonera miyezi yoposa itatu m'chinyontho imaundana, ndipo isanjikidwe pamatabwa. Pemphani kuti mgwirizano ulembedwe m'madola. Akakana, mugwirizaniretu mamita amene mudzadule, ndi mbali iti. Pambali pa chochita chilichonse pakhale udindo wa wochichita ndi tsiku lake. "Komiti" si munthu.

Apa ndi pamene ambiri amaterereka. Akalemba zochitazo, amatsitsa nambala zonse ziwiri. Mwatsitsa bwanji mpata? Kodi a Reserve Bank amayamba akufunsani? Mpata ukhalabe 4. Chatsika ndi kuwononga, kuchoka pa 5 kufika pa 3, ndipo 12 wotsalayo mumulembe poyera, musamubise.

Za mvula ndiye ndisayambe. Munthu wokhala ku Biwi, amene anaona madzi akulowa m'nyumba kumeneko ndi ku Kawale mu Januwale 2019, n'kulemba kuti kukumba kudzayamba mu Disembala! Kumbani mu Meyi, konkire ikhale itauma pofika Okutobala. Ndalama zikachedwa mpaka Seputembala, ntchito idikire chaka chamawa, ndipo chiganizo chimenecho chikhalemo m'pulopozo.

Anyamata aja ndinawabwezera pepala lawo, tsamba lonselo nditalikhwatcha.