ZA ZIWETO ZATHU: Kalulu Akasiya Kudya

Pa mudzi wina kufupi ndi Katete, mnyamata wa sukulu anali ndi kalulu woyera amene anamulera kuyambira ali wamng'ono. Sanali wa ndiwo ayi; anali bwenzi lake, ndipo ankadya gaga wa chimanga tsiku ndi tsiku, nthawi zina ndi nyenyeswa za buledi. M'mwezi wa Okutobala, udzu utauma ndipo tchire litapsa, mnyamatayo analeka kumwetera kaluluyo udzu, popeza gaga analipo wambiri ndipo kalulu ankaoneka wonenepa.

Patapita miyezi iwiri anayamba kuona zachilendo. Kalulu ankafika pa mbale mwachangu ngati wanjala, kutola chakudya, kenaka n'kuchilavula. Ubweya wa pa chibwano unali wonyowa ndi dovu. Timibulu ta ndowe tinayamba kuchepa, tili tating'ono ndi touma, tina tolumikizana ndi ubweya ngati mikanda. Tsiku lina m'mawa pansi pa khola panalibe kanthu konse, ndipo kalulu anali atadzipinda pa ngodya, akukukuta mano.

Agogo ake anati nyama ikadwala imapuma kudya yokha, ingosiyidwa. Mawu amenewo ndi oona kwa galu, amene angathe kugona ndi njala masiku awiri osavulala. Kwa kalulu ndi mawu a imfa.

Mimba ya kalulu inalengedwa kuti izigwira ntchito usana ndi usiku, ndipo chimene chimaiyendetsa ndi ulusi wolimba wa mu udzu. Ulusi umenewu sugayika, ndipo munthu angaganize kuti ulibe phindu, koma ndiwo umakhudza makoma a matumbo kuti afinye ndi kukankha chakudya. Ukatuluka ndiye timibulu touma tija, timene kalulu wabwino amagwetsa toposa 200 pa tsiku. Tizidutswa tosalala timapatukira m'thumba lalikulu la m'matumbo, m'mene muli tizilombo tosaoneka ndi maso tothandiza kugaya. M'thumbamo mumachoka ndowe ina yofewa, yonga kaphava ka zipatso, imene kalulu amaidyanso ikangotuluka. Zimenezi si matenda kapena uve; ndi m'mene amapezera chakudya chokwanira.

Ulusi ukasowa, matumbo amayenda mwaulesi. Chakudya chimakhalitsa m'mimba, madzi ake n'kuuma, ndipo chimaumbika pamodzi ndi ubweya umene kalulu amameza podzinyambita. Ambiri akapeza ubweyawo amati ndiwo wapha chiweto, koma kawirikawiri ubweya umaunjikana chifukwa mimba inali itaima kale. Gaga ndi buledi zimadyetsa tizilombo toipa totulutsa mpweya, ndipo popeza kalulu satha kusanza, mpweyawo umamupweteka. Ululu umamuletsa kudya, kusadya kumaimitsanso matumbo, ndipo posakhalitsa chiwindi chimayamba kuonongeka, makamaka mwa kalulu wonenepa. N'chifukwa chake kalulu amene watha maora 12 osadya kapena osagwetsa ndowe ayenera kuonedwa ngati wodwala kwambiri.

Koma vuto la kalulu wa mnyamata uja silinayambire m'mimba mokha. Linalinso m'kamwa.

Kalulu ali ndi mano 28, ndipo onse amakula moyo wake wonse. Akutsogolo amatalika pafupifupi mamilimita 2 pa sabata. Otafunira, amene alipo 22, ali m'kati kwambiri moti mwini chiweto sangawaone pongotsegula milomo. Kalulu akamatafuna udzu, nsagwada zake zimayenda cham'mbali monga mphero, ndipo mano amaperesana mofanana ndi m'mene akukulira. Gaga safuna kupera. Kalulu amangomuphwanya pang'ono n'kumeza, ndipo amakhuta msanga. Tsono mano amatalika, napereseka mokhota, n'kutuluka nsonga zakuthwa: a pansi amalasa lilime, a m'mwamba amalasa tsaya. Nyama yotere imamva njala koma kutafuna kumaiwawa, choncho imayamba kukana udzu umene ukanaichiritsa n'kumasankha zofewa zimene zikuipha. Dovu pa chibwano, misozi m'diso, kuonda, ndi chotupa pa nsagwada zonse ndi zizindikiro za mano.

Bambo wa mnyamatayo anatenga kalulu m'dengu loyalidwa nsalu napita naye kwa dokotala wa ziweto ku boma. Dokotala anayamba wagwira mimba. Anafuna kudziwa ngati ili yofewa monga ufa wokanda kapena yotupa ndi yolimba ngati ng'oma. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri. Mimba imene yatupa mwadzidzidzi, mwa kalulu amene dzulo ankadya bwino ndipo lero wafooka ndi kuzizira makutu, ingatanthauze kuti njira ya matumbo yatsekeka, ndipo kumukakamiza chakudya kungamuphe. Ya kalulu uyu inali yofewa. Anamubaya mankhwala a ululu, namuthira madzi pansi pa khungu kuti zouma za m'mimba zifewe. Atapezako mphamvu, anamugoneka ndi mankhwala n'kupala nsonga ziwiri za mano a pansi zimene zinali zitacheka lilime.

Ntchito yotsala inali ya kunyumba. Mnyamata ankasinja udzu wauwisi ndi masamba a mbatata mu mtondo, kusakaniza ndi madzi ofunda mpaka zikhale ngati phala, ndi kumwetsa kalulu ndi jekeseni yochotsa singano. Ankailowetsa cham'mbali, pa mpata umene uli kuseri kwa mano akutsogolo, pang'onopang'ono, kalulu ataima ndi miyendo yake. Womugoneka chagada amamutsamwitsa. Ankachita zimenezi kanayi kapena kasanu pa tsiku, namusunga pa malo ofunda usiku, namulola kuyendayenda pa bwalo, pakuti kuyenda kumadzutsa matumbo. Pa tsiku lachiwiri madzulo anapeza timibulu tisanu, tating'ono ndi topindika. Anatiwerenga monga munthu awerengera ndalama.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu a mtima wabwino amachita zimene zimaononga. Choyamba ndi kudula mano aatali ndi chowengera zikhadabo kapena pulayala: dzino limang'ambika mpaka ku muzu, mafinya n'kulowa mu nsagwada. Chachiwiri ndi kumwetsa kalulu makapisozi otsala a anthu. Penisilini ndi amokisilini zikalowa pakamwa zimapha tizilombo tabwino ta m'thumba lija, ndipo kalulu amafa ndi kutsekula m'mimba.

Tsiku lililonse kalulu afunika mulu wa udzu wolingana ndi thupi lake, wauwisi kapena wouma, pamodzi ndi dzanja limodzi la masamba monga chisoso kapena kholowa, ndi madzi oyera osatha m'mbale. Gaga, ngati apatsidwa, akhale wongolawa. Udzu wa chilimwe umakonzedwa mvula isanathe: umwetedwe usanachite maluwa, uumitsidwe bwino, usungidwe pa thandala posafika chinyezi, pamodzi ndi masamba a nshawa otsala pokolola. Wochita nkhungu utayidwe. Kalulu wozolowera gaga asinthidwe pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu, osati tsiku limodzi.

Kalulu wa mnyamata uja anachira, koma mano amene anakhota kale sabwerera bwinobwino, ndipo dokotala anachenjeza kuti nsongazo zingamerenso pakapita miyezi. Mnyamatayo tsopano amasesa pansi pa khola madzulo aliwonse, kuti m'mawa aone zimene zagwa usiku, ndipo amagwira chibwano cha kalulu wake ngati chili chouma asanatenge mabuku kupita ku sukulu.