Pepala la chiwiri likayamba kufanana ndi loyamba

Mphunzitsi amene amachonga mayankho otumizidwa ngati zithunzi pa WhatsApp asadabwe ophunzira awiri akapeza yankho limodzi la samu, pakuti yankho lolondola limafanana kwa aliyense. Chodabwitsa ndi kulakwa kofanana. Tinene kuti funso ndi 3x + 7 = 22. Onse awiri alemba 3x = 29, ndiye kuti awonjezera 7 m'malo mochotsa. Apa sindinganene kanthu, chifukwa ana ambiri amalakwa chomwecho. Koma ngati wachiwiri walemba 3x = 24 kenaka n'kupeza yankho lochokera ku 29, ndiye kuti mwina anawerenga molakwika 9 wa mnzake pa chithunzi chosawala bwino. Izi n'zolemera. Komabe chithunzi sichinena amene anakopera mnzake, ndipo nthawi imene uthenga unafika imangosonyeza amene anali ndi bandulo msanga. Mwinanso foni ndi imodzi, ya kholo kapena ya neba. Choncho mawu oti kubera asatuluke pagulu la kalasi. Muitane aliyense payekha, mum'patse 4x + 5 = 21, akufotokozereni mzere uliwonse pamaso panu.