Kandulo isanatseke

Tiyerekeze mnyamata wa mu Limbe, wogulitsa zipangizo za mafoni, amene wangoyamba kumene malonda osinthanitsa ndalama zakunja pa foni. Mu akaunti ali ndi madola 100. Kwa masiku angapo wakhala akuona mtengo wa EURUSD ukufika pa 1.0900 n'kubwerera, kufikanso n'kubwereranso. Malo oterewa amalonda amawaona ngati denga, ndipo iye anamva kuti denga likabooka mtengo umathamanga.

Tsiku lina masana, kasitomala ali patsogolo pake, maminibasi akuliza mahutala, anaona mtengo wafika pa 1.0912. Mtima unagunda. Anadina Buy pa 0.10, osaika Stop Loss, poopa kuti mwayi umusiya. Ola lisanathe mtengo unabwerera pansi pa denga, ndipo pofika madzulo unali pa 1.0852. Pa mlingo wa 0.10, kagawo kalikonse kotsiriza pa manambala anayi aja ndi dola imodzi. Mtengo unatsika magawo 60, madola 60 anapita.

N'zosavuta kunena kuti anachita tsoka, koma ine sindikuona tsoka pamenepa. Pamwamba pa denga lodziwika pamaunjikana maoda ogula: ena ndi a anthu amene anagulitsa kale ndipo akudziteteza, ena ndi a ofulumira ngati mnyamata wathuyu. Mtengo ukangokhudza pamenepo, maoda onsewo amayaka pakamodzi n'kuukankhira m'mwamba pang'ono. Wogulitsa wamkulu amapezerapo omugula. Maodawo akatha, popanda ogula atsopano, mtengo umagwa, ndipo amene anakodwa amagulitsa mwamantha, kugwako n'kumakulirakulira.

Chizindikiro chinalipo, kungoti chimaoneka mochedwa. Pa tchati cha H1 kandulo iliyonse imaimira ola limodzi, ndipo ya ola limenelo inatsekera pa 1.0893, itasiya chingwe chachitali kumutu. Mtengo unangosuzumira kunja, sunakhaleko. Iye anagula kandulo ikadali yotsegula, nkhani isanathe.

Atabwerera pa msika anasintha zochepa chabe. Amadikira kandulo itseke pamwamba pa denga. Kenako amadikiranso mtengo utsike kudzagunda denga lomwelo, aone ngati tsopano likuugwira kuti usapitirire pansi. Likaugwira amalowa pa 0.01, Stop Loss ili magawo 20 m'munsi, kotero kuti zikalakwika ataya madola 2 okha.

Kudikira kumeneku kuli ndi mtengo wake, tisanamizane. Nthawi zina denga limabookadi, mtengo n'kupita osabwerera, iye n'kutsala akungoyang'ana foni. Nthawi zinanso amatsata zonse bwinobwino koma n'kuluzabe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsiku lija cholakwa chimodzi chinadya ndalama zake zoposa theka, pamene lero angafunike kulakwitsa kokwana 30 motsatizana kuti ataye madola 60 omwewo. Kwa munthu wa mpamba wochepa, njira yachiwiriyi ndiyo yanzeru.