Kutsatsa malonda pa Facebook: alendo adzaza ku Senga Bay, koma thumba likubooka

Pa 9 Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve idagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi ya ku America idachoka pa K1 180 kufika pa K1 700. Ambiri adaona zotsatira zake pa mitengo ya mafuta, sopo ndi shuga. Koma kwa eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Salima, chinanso chidakwera mwakachetechete: mtengo wotsatsira malonda pa Facebook, womwe ambiri amalipira m'madola.

Kutsatsako sikudaleke, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Senga Bay ndi ulendo wa maola awiri okha pamsewu wa M14, choncho loji yaing'ono yomwe ikupikisana ndi mahotela ngati Sunbird Livingstonia imadalira chithunzi cha mchenga ndi madzi kuti chikope munthu wa mumzinda amene akuganiza kopita Loweruka. Chodetsa nkhawa ndi muyeso womwe ambiri amadalira poona ngati ndalama yotsatsirayo yagwira ntchito.

Muyesowu umaoneka pa kompyuta kapena pafoni ndi dzina loti ROAS, ndipo kawerengedwe kake n'kosavuta: ndalama zomwe zalowa kuchokera kwa ogula, kuzigawa ndi ndalama zomwe zapita potsatsa. Mukatsatsa ndi K400 000 n'kugulitsa za K2 400 000, ROAS yanu ndi 6. Munthu akamva kuti kwacha iliyonse yabereka makwacha asanu ndi limodzi amasangalala. Komatu nambalayi imawerenga ndalama zolowa pakhomo basi. Sidziwa kuti chambo chomwe mlendo wadya chidagulidwa zingati padoko.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, koma otsata momwe ntchitoyi imayendera. Loji ina yolembetsa msonkho ikugulitsa ulendo wa kumathero a sabata pa K300 000: anthu awiri, masiku awiri, chakudya chonse ndi kukwera boti kukazungulira chilumba cha Namalenje. Yatsatsa ndi K400 000 ndipo yapeza maanja asanu ndi atatu. Ndiyo K2 400 000 ija, ROAS ya 6.

Tsopano titsate K300 000 ya banja limodzi. M'chaka cha 2024 msonkho wa VAT udali pa 16.5 peresenti, kuphatikizapo 1 peresenti ya msonkho wa zokopa alendo. Ngati misonkhoyi ili kale mumtengo, pafupifupi K45 000 si ya mwini loji, akungoisungira boma. Patsala K255 000. Chakudya ndi zakumwa za anthu awiri zitenge K120 000, mafuta a boti ndi woyendetsa K50 000, dizilo wa jenereta magetsi akazima, kuchapa zofunda ndi aganyu K40 000. Zonsezi ndi K210 000. Chotsala pabanja lililonse ndi K45 000, kapena kuti K15 pa K100 iliyonse yomwe mlendo walipira.

Maanja asanu ndi atatu asiya K360 000, pamene kutsatsa kwadya K400 000. Lojiyo yaluza K40 000 pasabata yomwe khitchini idali yotanganidwa ndipo boti silidapume, ndipo apa sitidakhudze malipiro a ogwira ntchito apamwezi kapena ngongole ya kubanki.

Pali njira yachidule yodziwira izi ndalama isadatuluke. Tengani 100 n'kuigawa ndi chotsala chanu pa K100 iliyonse. Yankho lake ndiyo ROAS yomwe mungobweza nayo ndalama yotsatsira, osapindula, osaluza. Kwa loji yathuyi, 100 kugawa ndi 15 ndi pafupifupi 6.7, ndiye kuti 6 uja, ngakhale amaoneka wonenepa, ali pansi pa mzere.

Loji yomweyo itatsatsa chipinda chokha pa K100 000 usiku umodzi, nkhani isintha. Misonkho itenga pafupifupi K15 000, kuchapa, magetsi ndi kadzutsa K25 000, n'kutsala K60 000. Apa mzere uli pa 1.7. Itatsatsa ndi K400 000 yomweyo n'kugulitsa za K1 200 000 zokha, ROAS ndi 3, theka la poyamba, koma chotsala ndi K720 000 ndipo phindu ndi K320 000. Munthu woyang'ana pafoni pokha angaimitse kutsatsa kwa 3 n'kuonjezera ndalama pa kwa 6, potero n'kutseka khomo lomwe limamudyetsa. Ichi ndicho cholakwika chodula kwambiri, chifukwa akamaonjezera kutsatsa m'pamenenso dzenje likukula.

Kutsitsa mtengo kumaipitsa zinthu mofulumira kuposa momwe ambiri amaganizira. Kuchotsa 10 peresenti pa ulendo uja kumautsitsa kufika pa K270 000. Misonkho ikachoka patsala pafupifupi K230 000, koma nsomba, mafuta ndi dizilo sizidatsike, zidakali K210 000. Chotsala chagwa kuchoka pa K45 000 kufika pa K20 000, ndipo mzere uja wakwera kupitirira 13. Chodabwitsa n'chakuti mtengo wotsika umakopa anthu ambiri, motero ROAS ikhoza kukwera kufika pa 8 kapena 9, mwini wake n'kumaona ngati zayenda.

Kugwa kwa kwacha kumamenya mbali zonse ziwiri. Madola 100 otsatsira omwe adali K118 000 adasanduka K170 000 tsiku limodzi, ndipo kwa amene sapeza ndalama zakunja kubanki n'kumadalira ena, mtengo weniweni umaposa apo. Nthawi yomweyo zogula za kukhitchini ndi mafuta zidakwera, pamene mtengo wa chipinda sungakwere msanga poopa kuthamangitsa alendo. Mzere womwe udawerengedwa chaka chatha sungagwirenso ntchito chaka chino. Ngakhale m'chaka chimodzi umasuntha: usodzi ukatsekedwa pachilumba cha Mbenji kuyambira Disembala mpaka Epulo, kapena mwera ukaletsa asodzi kulowa panyanja m'miyezi yozizira, nsomba zimatha kusowa padoko ndipo mbale yomweyo imadula.

Palinso funso lomwe ROAS singayankhe: mwa maanja asanu ndi atatu aja, ndi angati akadabwerabe popanda kutsatsa? Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, komanso pa Khirisimasi, gombe la Senga Bay limadzaza lokha. Amene watsatsa masiku amenewo aona nambala yokongola, chonsecho walipira kuti aitane anthu omwe adali kale panjira. Si vuto la mabizinesi aang'ono okha. Kampani ya eBay ya ku America itayesa kuimitsa kutsatsa kolipira pa dzina lake m'makina ofufuzira pa intaneti, akatswiri a zachuma adapeza, m'kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 2015, kuti ogula pafupifupi onse adafikabe kudzera m'njira zaulere. Ngati theka la alendo a loji yathu lidali lobwera kale, chomwe kutsatsa kwabweretsa ndi K180 000 yokha, ndipo kuluza kwafika pa K220 000.

Ena amati kuluza koyamba n'kovomerezeka chifukwa mlendo wokhutira adzabweranso, mwina ndi anzake a kuntchito kudzachita msonkhano. Mfundoyi ili ndi mutu, koma iyenera kuoneka m'kaundula wa alendo, osati m'chiyembekezo. Kwathu kuno, komwe ambiri amafunsa malo pa WhatsApp n'kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, Facebook siona n'komwe kuti walipira ndani. Mwini loji amadziwerengera yekha. Kaundula yemweyo akhoza kukhala ndi mizere ina itatu: mlendo adamva kuti za malowo, kodi n'koyamba kubwera, ndipo padatsala zingati atachoka. Kenako aimitse kutsatsa kwa masabata atatu wamba, opanda tchuthi, n'kuyerekeza alendo ofika ndi a masabata atatu omwe adatsatsa.