Vinkubala vouma sivinaonjezere mapuloteni, vangotaya madzi

Mvula ikangoyamba mu Novembala, tebulo la amai pa Soweto Market limasintha. Masaka a vinkubala amatsika kuchokera ku Mpika ndi ku Serenje, ndipo pakapita masiku ochepa timayamba kuona timilu take ku Matero, ku Chawama ndi pa msika wa Mtendere. Nthawi yomweyo uthenga wa chaka chilichonse umabwereranso pa mafoni athu: akuti vinkubala vili ndi mapuloteni kuposa nyama ya ng'ombe katatu. Anyamata onyamula zitsulo ku Kanyama amautumiza, ife tonse timauvomera, ndipo timapita kukagula ndi mtima woyera.

Ifenso timavikonda, maka chipumi chokazinga bwino ndi ka tomato. Koma uthenga uja uli ndi chinyengo, ndipo chinyengocho chimakhudza ndalama ya ndiwo. Amene anawerengera anatenga vinkubala vouma n'kuviyerekeza ndi nyama yaiwisi. Zili ngati kuyerekeza unga ndi nsima, kenako n'kudabwa kuti kilo ya unga imakhutitsa anthu ambiri kuposa kilo ya nsima. Kusiyana kwake ndi madzi chabe.

Tiyeni titsatire kilo imodzi kuchokera kuthengo kufika pa mbaula yathu. Chinkubala chikangotoledwa pa mtengo, amachifinya kuti masamba a m'mimba atuluke. Ngakhale atachifinya, thupi lake limakhala madzi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Ndiye kuti pa kilo imodzi ya vinkubala vatsopano, magalamu pafupifupi 750 ndi madzi, ndipo chakudya chenicheni ndi magalamu 250. Mwa chakudya chimenechi, mapuloteni amapitirira theka pang'ono, tinene magalamu 140. Mafuta ali pafupi ndi magalamu 40. Choncho pa magalamu 100 a vinkubala vatsopano timapezamo mapuloteni 14 ndi mafuta 4. Nyama ya ng'ombe yaiwisi yopanda fupa ili ndi mapuloteni pafupifupi 20. Pa sikelo imeneyi ng'ombe ndiyo yapambana.

Manje otola aja awiritsa vinkubala kapena kuviwamba pa makala, n'kuviyanika pa dzuwa. Kilo ija imatsika mpaka magalamu pafupifupi 280, chifukwa madzi pang'ono amatsalira. Mapuloteni akadali 140 omwe aja, mafuta akadali 40 omwe aja. Palibe chaonjezeka. Koma tikawerenga pa magalamu 100, tsopano tipeza mapuloteni 50 ndi mafuta 14. Nambala yakula katatu ndi theka chifukwa dzuwa lachotsa madzi, osati chifukwa laikamo mphamvu. Nyama ya ng'ombe nayonso mukaiumitsa imapitirira 50, ndipo kapenta wouma wa ku Siavonga kapena ku Mpulungu amakhala cha m'ma 60. Zouma zikayerekezedwa ndi zouma zinzake, vinkubala vimaima pa mzere umodzi ndi anzake. Ndi ulemu wokwanira umenewo, sivifunika bodza kuti viwale.

Izi si nzeru zathu zokha. Mu 2013 bungwe la FAO linatulutsa lipoti lalikulu la tizilombo todyedwa, ndipo m'menemo muli tebulo loyerekeza zonse zili zatsopano. Ziwala zikuluzikulu, zimene ena timati ntete, zinali ndi mapuloteni pakati pa 13 ndi 28 pa magalamu 100, pamene nyama ya ng'ombe yaiwisi inali pakati pa 19 ndi 26. Palibe katatu pamenepo. Ziwala ndi ng'ombe zikungoyendera limodzi.

Pali chinanso chimene uthenga uja sunena. Akatswiri akamayeza mapuloteni, nthawi zambiri sawayeza mwachindunji. Amayeza nayitirojeni amene ali m'chakudya, n'kuchulukitsa ndi 6.25. Njira imeneyi imayenda bwino pa nyama. Koma chikopa cholimba cha tizilombo, chija chimamveka khwasu m'kamwa, chimapangidwa ndi kayitini, ndipo kayitini nayenso ali ndi nayitirojeni ngakhale si mapuloteni. Mu 2017 ofufuza a ku Wageningen ku Netherlands anayeza mitundu itatu ya mphutsi zowetedwa, napeza kuti nambala yoyenera pa mphutsizo ndi 4.76. Sanayeze chipumi kapena mumpa wathu, koma tikabwereka nambala yawo, 50 uja amatsika kufika cha m'ma 40. Ndiye ife, tikamawerengera za m'nyumba, timatenga 40 kuti tisadzinamize.

Nanga zikutanthauza chiyani pa mphika? Tinene kuti m'nyumba ya zipinda ziwiri ku George tili anthu asanu, ndipo taphika magalamu 200 a vinkubala vouma. Choyamba timavinyika m'madzi otentha kuti vifewe ndi kuti mchenga uchoke. Vimafufuma, vimalemera, poto imaoneka yodzala. Apa m'pamene ambiri timasocherera, poganiza kuti mbale yodzala ija ikadali ndi mapuloteni 50 pa magalamu 100. Ayi, madzi abwerera, ndipo tabwerera kufupi ndi chinkubala chatsopano. Chowerengera ndi kulemera kwake tisanavinyike. Magalamu 200 aja ali ndi mapuloteni pakati pa 80 ndi 100, ndiye aliyense wa ife asanu amalandira pakati pa 16 ndi 20. Dzira limodzi lili ndi 6, choncho ndi ngati mazira atatu. Munthu wamkulu wolemera makilo 60 amafunika pafupifupi magalamu 50 pa tsiku. Mbale ija yamupatsa gawo limodzi mwa atatu. Ndi ndiwo yabwino ndithu, koma si mankhwala a minofu monga anzathu a zitsulo amakhulupirira.

Funso lenileni kwa ife okhala m'komboni si lakuti ndani ali ndi nambala yaikulu, koma lakuti kwacha yathu ikugula mapuloteni angati. Kilo ya vinkubala vouma ili ndi mapuloteni pafupifupi 400. Kilo ya nyama yopanda fupa ili ndi 200. Lamulo lake ndi losavuta: ngati kilo ya vinkubala vouma siidula kuposa makilo awiri a nyama yopanda fupa, vinkubala vapambana. Ikapitirira apo, tikulipira kukoma, ndipo palibe cholakwa bola tikudziwa. Ngati tapeza vatsopano, tiyenera kukumbukira kuti pafunika makilo atatu ndi theka kuti afanane ndi kilo imodzi ya vouma.

Vuto n'lakuti pa msika sitigula ndi kilo. Timagula ndi kamulu, ka kapu kapena meda, ndipo vinkubala vouma ndi vopepuka, vokhala ndi mphako mkati. Kapu imadzala msanga koma sikelo siisuntha kwenikweni. Ndiye tsiku limodzi chabe, tigule kamulu kathu ka nthawi zonse, tipemphe amene ali ndi sikelo atiyezere. Kuyambira pamenepo tidzadziwa kuti ndalama ija imagula magalamu angati, ndipo tidzatha kuyerekeza ndi kapenta kapena ma soya, amene ouma ali ndi mapuloteni cha m'ma 50. Soya kawirikawiri ndiye wotchipa pa onse, ngakhale palibe amene amamulota usiku.

Pa mafuta m'pamene tizilombo timasiyana kwambiri, ndipo sitiyenera kutiika m'thumba limodzi. Vinkubala ndi ndiwo ya mapuloteni, mafuta ake ndi ochepa. Inswa ndi shonkonono ndi nkhani ina. Zikauma, mafuta ake amafika magalamu 40 kapena kupitirira pa magalamu 100, ndipo mu shonkonono amatsala pang'ono kukwana theka. N'chifukwa chake inswa tikaziika mu pani sitithira saladi, zimadzikazinga zokha. N'chifukwa chakenso ka dzanja kamodzi kamakhutitsa msanga: galamu ya mafuta imapereka mphamvu yoposa kawiri ya galamu ya mapuloteni.

Koma taonani zimene timachita ndi vinkubala. Magalamu 200 aja ali ndi mafuta ake 28 chabe. Ife timathira masipuni anayi aakulu a saladi, ndipo sipuni iliyonse ndi magalamu pafupifupi 14. Taonjezera 56. Mafuta ambiri a mu mbale ija achokera m'botolo, osati kuthengo. Amene akuti vinkubala vimanenepetsa ayang'ane dzanja limene lagwira botolo.

Mafuta amatiuzanso utali wa nthawi yosunga. Mapuloteni ouma amakhala miyezi, koma mafuta akakumana ndi mpweya ndi kutentha amasasa. Inswa zikayamba kununkha ngati saladi wokazingira kambirimbiri, kapena kuyabwa pakhosi, zatha ntchito. Ndiye inswa ndi shonkonono tigule zochepa n'kudya msanga, vinkubala ndivo tisungire Febuluwale, pamene ndiwo zimavuta.

Kusunga kwake kukhale kouma zenizeni, chifukwa vimafika nthawi ya mvula, pamene makoma a m'komboni amachita chinyezi. Chinkubala chouma bwino chimathyoka ukachipinda. Chikapindika ngati labala, chamwa madzi, ndipo tikuluza kawiri: tikulipira madzi, komanso nkhungu yapeza pokhala. Mu 2018 Paul Kachapulula wa pa UNZA ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa tizilombo ndi nsomba zouma za m'misika ya m'Zambia. Anapeza afulatokisini, poizoni wochokera ku nkhungu amene amaononga chiwindi, mu chipumi, mumpa ndi inswa, ndipo anaona kuti amachuluka zikasungidwa pa chinyezi. Kukazinga sikumupha. Choncho tikafika pa tebulo tinene mwaulemu kuti, “Amai, tingathyoleko kamodzi?” Tinunkhize, tione ngati mulibe ufa wa nkhungu kapena tofumbwa, ndipo kunyumba tisunge m'chigubu chouma chotseka bwino, osati pansi pa simenti.

Sitikunena kuti tileke vinkubala. Ambuya athu sanafune nambala kuti adziwe kuti chakudya chopepuka, chosafuna fuliji, chotha kuyenda kuchoka ku Muchinga kufika ku Kalingalinga osaola, ndi chuma. Ubwino wa kuumitsa ndi umenewo, ndipo pa nthawi ya magetsi othimathima ndi ubwino waukulu. Chimene tikukana ndi kugula ndi nambala yabodza m'mutu. Uthenga uja ukadzafikanso chaka chino, tidzayankhe ndi funso limodzi: vouma kapena vatsopano, ndipo nyama mwaiyeza ili bwanji?